Kusintha mtundu wa galimoto pachithunzi popanda kupha kunyezimira kwake

Ambiri akafuna kusandutsa galimoto yofiira kukhala yabuluu pachithunzi amatenga bulashi n'kupaka buluu thupi lonse, kapena amadina `Colorize` mu Photoshop. Mtundu umasinthadi, koma galimotoyo imazimirira. Mitambo imene imaoneka paboneti imasanduka yabuluu, kamzere koyera kam'mbali mwa chitseko kamathima, ndipo zitsulo zonyezimira za kiromu zimaoneka zopentedwa. Aliyense woona amadziwa kuti chithunzicho chagwidwagwidwa, ngakhale sanganene pamene palakwika.

Gwero la vutoli lili m'mene penti wa galimoto amapangidwira. Pansi pamakhala mtundu weniweniwo, pamwamba pake opopera penti amathira kiliya, amene alibe mtundu koma ndi wosalala ndiponso wonyezimira. Kamera imajambula ziwirizi pamodzi: mtundu wapansi, ndi zithunzithunzi za thambo, mitengo, nyumba ndi dzuwa zimene zikubwezedwa ndi kiliya. Zili ngati madzi a padziwe: mukawayang'ana molunjika pansi mumaona mchenga, mukawayang'ana chapatali mopendeka mumaona thambo. N'chifukwa chake chitseko chimene chayang'anizana ndi kamera chimakhala chofiira kwambiri, pamene boneti ndi denga zimayererako. Galimoto ikapopedwa penti wina, chimasintha ndi mtundu wapansiwo basi. Thambo silisintha, dzuwa silisintha. Ntchito yathu pachithunzi ndi yomweyo.

Titenga chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: Toyota Vitz yofiira, yojambulidwa panja masana pabwalo la simenti, kumbuyo kwake kuli mpanda wa njerwa zootcha, chithunzi cha mapikiselo 4000 m'litali. Tikufuna ikhale yabuluu. Mayina a zida ndi a mu Photoshop. Pa Mac, pamene talemba `Ctrl` dinani `Cmd`, pamene talemba `Alt` dinani `Option`.

1. Yambani ndi chithunzi chimene sichinafinyidwe

Ngati mwini galimoto akukutumizirani chithunzi pa WhatsApp, mupempheni achitumize ngati `Document`. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa ndi kufinyidwa, ndipo kafinyidwe ka JPEG kamasunga kuwala bwinoko kuposa mtundu. Chikadali chofiira simuona vuto. Mukangosuntha mtundu, m'mphepete mwa zitseko ndi nyali mumatuluka timabokosi ndi timadontho tofiira tosafuna kuchoka.

Mukachitsegula, pitani ku `Image > Mode > 16 Bits/Channel`. Thupi la galimoto lili ndi malo aakulu amene kuwala kumasintha pang'onopang'ono, ndipo malo oterewa ndiwo amayamba kuoneka mizeremizere mukawakoka kwambiri. Leya yoyambayo musaikhudze. Zonse tichita pamaleya ena pamwamba pake.

2. Yezani musanasinthe kanthu

Tsegulani `Info` podina `F8`, ndipo m'zosankha zake ikani kuti muyezo wachiwiri uzionetsa `HSB Color`. Tengani `Color Sampler Tool`, imene ili pamodzi ndi `Eyedropper Tool`, ikani `Sample Size` pa `5 by 5 Average`, kenaka dinani malo anayi: pakati pa chitseko pamene penti wafiira bwino, paboneti pamene pakuoneka thambo, pamalo owala kwambiri pa chizindikiro cha Toyota chakutsogolo, ndi m'munsi mwa chitseko pamene pali mthunzi. Dontho lililonse lili ndi muyezo wakewake mu `Info`, choncho dinani kachizindikiro ka lililonse n'kusankhanso `HSB Color`.

Nambala ya `H`, kutanthauza `Hue`, imanena mtundu m'madigiri: kufiira kuli pa 0, chikasu pa 60, girini pa 120, buluu pa 240, ndipo 360 ndi kufiira komwe kuja. Nambala ya `S` imanena kuchuluka kwa mtunduwo. Tinene kuti pachitseko mwapeza `H` 358 ndi `S` 85, paboneti `H` 335 ndi `S` 40, pachizindikiro `S` 3. Apa pali zinthu ziwiri zofunika. Choyamba, boneti si yofiira ayi, ndi yapinki, chifukwa buluu wa thambo wasakanikirana ndi kufiira kwa penti. Chachiwiri, malo owala a pachitsulo alibe mtundu n'komwe. Malo opanda mtundu sasunthika mukazungulitsa `Hue`, poti palibe chozungulitsa. Njira yonseyi yatsamira pamenepa. `Colorize` imachita zosiyana: imataya mitundu yonse imene inalipo n'kuika umodzi paliponse, ngakhale pamalo otuwa, ndiye chifukwa chake imapha zitsulo.

3. Pangani mpanda wa ntchito yanu

Pangani gulu la maleya lopanda kanthu ndipo lisiyeni pa `Pass Through`. Mukalisintha kukhala `Normal`, zonse zimene mudzaike m'kati mwake sizidzafika pachithunzi chapansi, ndipo mudzadabwa kuti palibe chikusintha.

Tengani `Pen Tool` podina `P`, kulitsani chithunzi kufika 200%, n'kuzungulira thupi lonse la galimoto. Pali kusiyana ndi m'mene timadulira chinthu pofuna kuchichotsa pachithunzi. Podula timalowa m'kati pang'ono. Apa tulukani kunja ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri, chifukwa m'mphepete mwa thupi muli mapikiselo osakanikirana, ndipo mukawasiya kunja galimoto yabuluu idzakhala ndi kamzere kofiira kozungulira. Simenti ndi matayala sizisintha ngakhale zitalowa mumpanda, poti si zofiira. Koma pamene denga lakumana ndi mpanda wa njerwa, tsatirani m'mphepete mwenimweni, chifukwa njerwa ndi zofiirira ndipo zidzasanduka zabuluu.

Mukamaliza dinani `Ctrl+Enter` kuti mzerewo usanduke chosankhidwa, sankhani gulu lija, n'kudina `Add layer mask`. Mu `Properties` ikani `Feather` pakati pa 0.5 ndi 1 px. Pachithunzi chachikulu ngati chathuchi 0.8 imakwana. Mukapyola 3, m'mphepete mumaoneka chifunga cha mitundu iwiri.

Pamasiki, poyera ndi pamene kusintha kudzagwire, pakuda ndi potetezedwa. Tsopano detsani zinthu zofiira zimene si penti: nyali zakumbuyo, ma indiketa aolenji, timagalasi tofiira ta pabampa yakumbuyo, nambala pleti, ndi zomata zilizonse. Zungulirani chilichonse ndi `Pen Tool` n'kudzaza kuda pamasiki. Nyali yakumbuyo ndiyo imavuta, chifukwa yagundana ndi penti ndipo zonse ndi zofiira. Zida zosankha zokha sizitha kusiyanitsa ziwirizi. Tsatirani kamzere kakuda kamene kali pakati pa nyali ndi thupi.

Zitsulo zonyezimira musazidetse panopa. Tifika pamenepo.

4. Zungulitsani mtundu wofiira wokha

M'kati mwa gulu onjezani `Hue/Saturation` ngati leya yakeyake, kudzera pa `Layer > New Adjustment Layer`. Pamene palembedwa `Master` sankhani `Reds`. Musagwire ntchito pa `Master`, chifukwa imazungulitsa mitundu yonse mofanana. Mtengo wagirini umene ukuoneka pachitseko udzasanduka wapinki, ndipo thambo labuluu limene likuoneka m'mphepete mwa denga lidzasanduka lachikasu.

Kokerani `Hue` ku -140. Mwina mungaganize kuti -120 ndiyo yoyenera, poti kuchoka pa 360 kufika pa 240 ndi madigiri 120. Koma buluu wa pa 240 ndi wodera ndipo pachithunzi amapendekera ku pepo. Pa mitundu itatu imene imapanga chithunzi, maso amaona girini ngati wowala kwambiri, kufiira kumabwera pambuyo, buluu ndiye wakuda kuposa yonse. Penti amene anali R 190, G 25, B 30 akazungulitsidwa ndi -120 amatsala ndi pafupifupi magawo atatu mwa asanu a kuwala kwake, ndipo mapindikidwe a chitseko amabisika. Pa -140 mumalowa girini pang'ono, mtundu umafika pa madigiri 218, ndipo kuwala kumakhala pafupifupi monga kunalili. Buluu wa magalimoto ambiri amene timawaona pamsewu ali chakumeneko. Tsitsaninso `Saturation` ku -15 kapena -20, chifukwa penti wofiira kawirikawiri amatuluka wokhuta kwambiri pakamera, ndipo buluu wokhuta chimodzimodzi amaoneka wabodza. `Lightness` isiyeni pa 0 pakadali pano.

Tsopano muona kuti chitseko chasintha koma boneti ndi denga zili ndi mawanga apinki ndi apepo. Palibe chalakwika. `Reds` imagwira kwathunthu mitundu ya pakati pa 345 ndi 15 yokha, n'kumachepa mphamvu mpaka 315 mbali ina ndi 45 mbali inayo. Boneti yathu ili pa 335, ndiye yagwidwa koma osati kwathunthu. Pansi pa zokokazo pali mizere iwiri ya mitundu, ndipo pakati pake pali tizizindikiro tinayi. Tiwiri tam'kati timasonyeza malo ogwidwa kwathunthu, tiwiri takunja timasonyeza pamene mphamvu ikuthera. Kokani kam'kati kakumanzere mpaka chapa 300, kakunja kake chapa 270. Kumanja, kam'kati kafike chapa 25, kakunja chapa 50. Musapanikize kam'kati ndi kakunja pamodzi. Pakati pake pazikhala madigiri 25 kapena 30, apo ayi pamene mtundu watsopano wathera padzaoneka mzere wakuthwa.

Kuti muone mawanga amene atsala, kwezani `Saturation` kufika +100 kwa kanthawi. Paliponse pamene sipanagwidwe padzaonekera msanga. Tengani kachida kokhala ndi chizindikiro cha + n'kudina pamawangawo, kenaka bwezani `Saturation` pamene inali. Yang'anani kwambiri m'munsi mwa zitseko, kuseri kwa galasi loonera kumbuyo ndi m'mipata ya bampa, kumene kufiira kumakhala kodera ndipo sikuoneka msanga.

Pa kusintha kumeneku tili ndi mwayi. Pinki wa paboneti akazungulitsidwa ndi -140 amafika chapa 195, buluu wowala wofanana ndi thambo, zimene zikanaonekadi pagalimoto yabuluu. Mukamasandutsa yofiira kukhala yagirini mwayiwu palibe. Ndi +120, pinki uja amafika chapa 95, girini wachikasu, chonsecho thambo pagalimoto yagirini liyenera kupendekera ku buluu. Zikatero onjezani `Hue/Saturation` yachiwiri, ikwezeni `Hue` ndi 30 kapena 40, detsani masiki ake onse ndi `Ctrl+I`, n'kupaka kuyera ndi bulashi yofewa paboneti ndi padenga pokha.

5. Zitsulo zonyezimira

Apa ndi pamene ntchito yabwino imasiyana ndi yongothamangira. Chitsulo cha kiromu chilibe mtundu wakewake, chimangoonetsa zimene zachizungulira. Kulitsani chithunzi kufika 300% n'kuyang'ana chogwirira chitseko kapena kamzere kachitsulo ka pamphuno ya galimoto. Mudzapeza magawo angapo opyapyala: pamwamba kuyera kapena buluu wa thambo, pakati kamzere kakuda, pansi mtundu wa nthaka, ndipo mbali imene yayang'ana thupi, kamzere kofiira. Kofiirako ndi galimoto yomweyo ikudzionera pachitsulo chake.

Pali njira ziwiri zolakwira. Mukapaka chitsulo chonse buluu, chimasiya kukhala chitsulo. Mukachiteteza chonse ndi kuda pamasiki, galimoto yabuluu imakhala ndi zogwirira zoonetsa galimoto yofiira imene kulibe. Cholakwa chachiwirichi n'chofala kwambiri pakati pa anthu osamala, chifukwa amaona ngati akusunga chitsulo. Ndiye chifukwa chake tinasiya zitsulo m'kati mwa mpanda. `Reds` yasintha kale kamzere kofiira kaja kukhala kabuluu, ndipo kuyera, kuda ndi thambo yazisiya monga zinalili.

Chimene chatsala ndi kusiyanitsa kufiira kwa galimoto ndi kufiira kwa zinthu zina. Mpanda wa njerwa uja ukuonekanso pazitsulo zimene zauyang'ana, ndipo galimoto ikanaima pa dothi lakatondo, m'munsi mwa chitsulo chilichonse mukanakhala mofiirira. Zimenezi siziyenera kusintha. Zimitsani gulu n'kuliyatsanso kangapo mukuyang'ana chitsulo chimodzi, ndipo pa gawo lililonse limene lasintha dzifunseni kuti layang'ana kuti. Ngati layang'ana thupi la galimoto, lisiyeni labuluu. Ngati layang'ana pansi kapena kumpanda, libwezeni. Sankhani masiki a gulu, tengani bulashi yaing'ono ya mapikiselo 5 mpaka 10, `Hardness` 50%, `Flow` 30%, mtundu wakuda, n'kudutsa pagawolo. Mukapyola malire, dinani `X` kuti mupake kuyera. Mtundu wa njerwa ndi dothi umapendekera ku olenji, chapa madigiri 15 mpaka 30, pamene penti wathu ali pa 358, choncho `Info` idzakuthandizani pamene maso akukayika, bola muyeze gulu lili lozimitsidwa.

Chitani chimodzimodzi ndi malimu onyezimira ndi m'kati mwa nyali zakutsogolo. M'nyalimo muli chitsulo chobweza kuwala chimene nthawi zina chimaonetsa m'mphepete mwa boneti, koma mulinso babu kapena galasi laolenji la indiketa, limene liyenera kutsala.

Zithunzithunzi za njerwa pa penti weniweniyo ndi nkhani ina. Pamenepo pali kufiira kwa penti ndi kufiirira kwa njerwa pamodzi, ndipo zikazungulitsidwa zimafika chapa 240, buluu wokhuta wopendekera ku pepo. Pagalimoto yabuluu yeniyeni malo amenewo akanakhala otuwirako, chifukwa buluu ndi olenji zimachepetsana mphamvu. Onjezani `Hue/Saturation` ina pamwamba, `Saturation` -40, masiki akuda, n'kupaka kuyera ndi `Flow` 10% pamene pakuoneka mpandawo, kufikira mizere ya njerwa ionekenso ngati chinthu chimene chili pamwamba pa penti.

6. Kudetsa kapena kuwalitsa penti popanda kukhudza kuwala

Tinene kuti mwini galimoto akufuna buluu wakuda. Onjezani `Curves` m'kati mwa gulu, koma dziwani kuti `Curves` sisankha mtundu, imadetsa chilichonse chimene chili mumpanda, zitsulo ndi kung'anima kwa dzuwa komwe. Ikufunika masiki akeake. Zimitsani gulu kuti galimoto ibwerere yofiira, pitani ku `Select > Color Range`, sankhani `Sampled Colors`, dinani pachitseko, onjezani malo amthunzi ndi kachida ka +, n'kuika `Fuzziness` pakati pa 40 ndi 60. Pa kachithunzi kakang'ono kamene kakuonetsedwa, penti aoneke woyera, zitsulo ndi malo ong'anima zioneke zakuda, boneti ikhale yotuwa. Dinani `OK`, yatsani gulu, n'kupanga `Curves` chosankhidwacho chikadalipo, ndipo chidzasanduka masiki ake chokha.

Sinthani kaphatikizidwe ka leyayi kukhala `Luminosity` kuti mtundu usakhute pamene mukudetsa. Gwirani mzere pakati, pa `Input` 128, n'kuutsitsira ku `Output` 100 kapena 95. Nsonga yakumwamba kumanja musaisunthe. Ndiyo imasunga kuyera, ndipo mukaitsitsa kung'anima konse kumasanduka kotuwa, kiliya n'kuoneka ngati wafwifwa.

Chitetezo chachiwiri ndi `Blend If`. Dinani kawiri pamalo opanda kanthu pafupi ndi dzina la leya ya `Curves`, ndipo pansi pa zenera limene latseguka mupeza mzere wotchedwa `Underlying Layer`, woyambira 0 kufika 255. Kokani kachizindikiro koyera kakumanja kufika 230. Kenaka gwirani `Alt` n'kukoka theka lake lakumanzere kufika 170. Tanthauzo lake ndi lakuti malo owala kupyola 230 sakhudzidwa konse, malo a pansi pa 170 amadetsedwa kwathunthu, ndipo pakati pake kusintha kumathera pang'onopang'ono. Mukaiwala kugawa kachizindikiroko, malo aliwonse owala amazunguliridwa ndi m'mphepete mokhakhala. Nambalazi si lamulo. Theka lakumanzere liyambire pamwamba pang'ono pa kuwala kwa penti wopanda chithunzithunzi, lakumanja lithere pamene kung'anima kwayera. Mukamawalitsa penti m'malo momudetsa, tetezaninso mithunzi pogawa kachizindikiro kakuda chapa 10 ndi 40, kuti mipata ya zitseko ndi labala wa m'magalasi zikhalebe zakuda.

Galimoto yakuderapo imaonetsa zithunzithunzi zake momveka kuposa yowala, chifukwa mtundu wapansi sukupikisana nazo. Choncho mukadetsa penti n'kuona mitambo ya paboneti yatulukira bwino, mwachita bwino, musaiphimbe.

7. Kufiira kumene kwatayikira kunja

Galimoto yofiira imaponya mtundu wake pazinthu zoyandikana nayo. Yang'anani pasimenti m'mbali mwa zitseko, pagalasi lakutsogolo m'munsi pamene pakuoneka boneti, pamagalasi am'mbali pafupi ndi galasi loonera kumbuyo, ndi m'kati mwa galimoto pamene chitsulo chopentedwa chikuonekera kudzera pawindo. Pamasiki a gulu, pakani kuyera ndi bulashi yaikulu yofewa, `Flow` 10%, pamalo amenewa. Simenti yokhayo sisintha, kufiira kwake kokha ndiko kumasanduka buluu. Ngati m'galimoto muli munthu, pewani nkhope ndi manja ake, chifukwa khungu la munthu aliyense lili m'chigawo cha kufiira ndi olenji. Pa dothi lofiira musapake chilichonse, nthaka yonse ingasanduke yabuluu.

8. Ngati galimotoyo ndi yoyera, yasiliva kapena yakuda

Zonse tanenazi zimatheka chifukwa penti anali ndi mtundu woti uzungulitsidwe. Galimoto yoyera ilibe, ndipo `Hue` siichita kanthu. Apa mtundu uyenera kuikidwa, choncho zitsulo, magalasi, labala ndi nyali zonse zidulidwe pamasiki ndi `Pen Tool`, chifukwa palibenso chozisiyanitsa ndi penti.

Onjezani leya ya `Solid Color` ya mtundu umene mukufuna, kaphatikizidwe kake kakhale `Multiply`. Pamalo oyera padzakhala mtunduwo, mithunzi idzatsala. Koma kung'anima nakonso kwapakidwa, ndipo `Blend If` yokha sithandiza kwambiri, chifukwa penti woyera padzuwa amakhala chapa 220 kapena 240, pafupi kwambiri ndi kung'anima komwe. Njira yake ndi kubweza kuwala kuchokera pamwamba. Pangani kope la chithunzi choyamba ndi `Ctrl+J`, liikeni pamwamba pa `Solid Color` m'kati mwa gulu, tsegulani `Levels` ndi `Ctrl+L`, n'kukokera kachizindikiro kakuda kumanja kufikira thupi lonse lada, kwatsala mizere ndi madontho owala kwambiri okha. Sinthani leyayo kukhala `Screen`, n'kutsitsa `Opacity` kufikira kuwalako kuoneke kwachibadwa. Kamzere kabuluu ka pazitsulo, kamene pagalimoto yofiira kanabwera kokha, apa mukaike nokha: leya yatsopano kunja kwa gulu, pa `Color`, `Opacity` chapa 30%, bulashi yaing'ono, mbali yokhayo imene yayang'ana thupi. Yasiliva imamvera njirayi bwino kuposa yoyera, poti penti wake ndi wotuwa ndipo kung'anima kumasiyana naye bwino. Ngati mbali ina ya galimoto yoyera inapsa ndi dzuwa pojambula, `Info` n'kumaonetsa 255 pa R, G ndi B malo aakulu, pamenepo palibe chobweza, ndipo ndi bwino kupempha chithunzi china chojambulidwa pamthunzi kapena kunja kuli mitambo.

Yakuda ndiyo yovutitsitsa. Pafupifupi zonse zimene mukuona pathupi lake ndi zithunzithunzi, penti weniweniyo sabweza kuwala kokwanira. Mungaisandutse yabuluu wakuda kapena yofiira modera poika `Solid Color` yodera pa `Screen` n'kuteteza mipata ya zitseko pamasiki. Kuisandutsa yoyera kapena yachikasu kumafuna kujambula mithunzi yonse ndi dzanja, ndipo ife timalangiza kupeza chithunzi cha galimoto yofanana nayo ya mtundu wowala.

9. Yesani ntchito yanu musanaitumize

Bwererani ku madontho anayi aja mu `Info`. La pachizindikiro liyenera kukhala ndi nambala zomwe zija, kapena kusiyana ndi 2 kapena 3 basi. Ngati latsika ndi 15 kapena 20, `Curves` yadya chitsulo, kakonzeni masiki ake.

Kenaka pangani kope la chithunzi choyamba, liikeni pamwamba pa zonse kunja kwa gulu, n'kulisintha kukhala `Difference`. Paliponse pamene simunasinthe padzada bii, ndipo posinthidwa padzawala. Nyali zakumbuyo, pleti, matayala ndi mpanda wa njerwa ziyenera kukhala zakuda. Zitsulo zikhale zakuda kupatula timizere topyapyala, ndipo malo ong'anima a pathupi aoneke ngati mabowo akuda m'kati mwa penti. Ngati pachitseko pali kadontho kakuda pamalo amene si owala, pamenepo patsala kufiira. Mukamaliza fufutani leyayo.

Pomaliza chepetsani chithunzi kufika kukula kwa sikirini ya foni n'kuchiyang'ana chonse. Kamzere kofiira ka m'mphepete ndi mawanga apepo kawirikawiri zimaoneka bwino chithunzi chili chaching'ono. Sungani fayilo ya PSD ndi maleya ake onse, kuti mwini galimoto akafuna kuonanso girini mungosuntha `Hue` n'kuunikanso boneti ndi denga. Yotumiza ituluke kudzera pa `File > Export > Export As` ngati JPG, mutachonga `Convert to sRGB`, chifukwa popanda zimenezo buluu amene mwasankha angaoneke wina pafoni yake.